Kujambula shiya ndi momenti za bimu yokhala pa mizati iwiri

Pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, achimwene anga ena akumanga sitolo yoti azidzasungiramo matumba a kachewere. Khomo lakutsogolo analifuna lalikulu, loti galimoto ya matani atatu izitha kulowa chafutambuyo, ndiye pamwamba pake payenera kukhala bimu ya konkire yotalika mamita 5, yokhala pa mizati iwiri. Tsiku lomwe ndinapitako ndinapeza amisiri, bambo achikulire odziwa ntchito yawo, akupinda maring'i, tizitsulo tomwe timazungulira zitsulo zazitali za bimu, pansi pa mthunzi. Anandifunsa kuti, "Achimwene, maring'iwa ndiwathinanitse pakati eti? Paja bimu imathyokera pakati."

Theka la mawu awo linali loona. Bimu imapindika kwambiri chapakatipo, koma maring'i si ntchito yawo kulimbana ndi kupindika, ndipo pa bimu imeneyi malo ovutitsitsa sali pakati penipeni. Zonsezi zimaoneka poyera mukajambula zithunzi ziwiri, cha shiya ndi cha momenti. Ndigwiritsa ntchito bimu ya pa Lizuluyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tengani kope la masamu la timabokosi, rula ndi pensulo, tiyendere limodzi.

Zomwe tikujambulazi n'chiyani

Tengani thabwa la paini la ku Dedza kuno, muliike pa njerwa ziwiri, mwana aimepo. Thabwalo likungokhala pa njerwazo, silinakhomedwe, ndipo nsonga zake zimatha kupendekeka pang'ono likamapindika. Imeneyo ndiye bimu yomwe tikukamba. Ili ndi masapoti awiri okha, kumapeto kwenikweni, ndipo masapotiwo amangoikankhira m'mwamba, sailetsa kupendekeka. N'chifukwa chake momenti pa masapoti onse awiri imakhala ziro. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna pomaliza.

Tsopano ganizani kuti mwalidula thabwalo ndi sowo pamalo ena alionse mwana adakaliponso. Mbali imodzi ifuna kutsetserekera pansi kusiya inzake, monga amachitira mapepala pakati pa mano a sizasi. Mphamvu yomwe thabwa losadulidwa limalimbana nayo kuti zimenezi zisachitike ndiyo shiya, imene timailemba `V`, ndipo timaiyeza mu makilonyutoni, `kN`. Chinanso, zidutswa ziwirizo zifuna kupindikira pansi, kukamwa kwa podulidwapo n'kuyasamira kunsi. Mphamvu yopindayo ndiyo momenti, `M`, ndipo ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda, `kNm`. Amene anamasulapo nati youma ndi sipanala, n'kulumikiza paipi kuti chogwirira chitalike, momenti amaidziwa kale ndi manja.

Kuti manambala asamangokhala manambala, kumbukirani kuti `1 kN` ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100, kapena kuti matumba awiri a simenti.

Gawo loyamba: jambulani bimu ndi katundu wake

Lembani mzere wopingasa, sentimita ziwiri kuimira mita imodzi. Sapoti yakumanzere itcheni A, yakumanja B. Kutalika kwa bimu kuyezedwe kuchokera pakati pa mzati wina kufika pakati pa mzati unzake, osati mpata wa khomo wokha. Kwa ife ndi mamita 5.

Katundu pa bimuyi ndi wa mitundu iwiri. Woyamba ndi womwazikana mofanana kuyambira ku A mpaka ku B. Bimu yokhayo ndi ya mamilimita 230 m'mimba ndi 450 kuya, ndipo konkire ya zitsulo imalemera pafupifupi `24 kN` pa kyubiki mita imodzi, choncho mita iliyonse ya bimu ikulemera pafupifupi `2.5 kN`. Ophunzira ambiri amaiwala kuti bimu iyenera kudzinyamula yokha isananyamule china chilichonse. Pamwamba pake pali khoma la njerwa zootcha lokwera mamita 1.3, lomwe likuwonjezera pafupifupi `5.5 kN` pa mita. Zonse pamodzi ndi `w = 8 kN/m`.

Wachiwiri ndi katundu wotsikira pamalo amodzi. Mwini sitolo akufuna thanki ya madzi pamwamba, ndipo kabimu kena konyamula nsanja ya thankiyo kakudzatsamira pa bimu yathu mita imodzi kuchokera ku A, n'kuikapo `P = 20 kN`. Amenewo ndi matumba 40 a simenti ataunjikidwa pa malo osaposa zikhatho zingapo. Pamalopo patcheni C.

Pansi pa chithunzichi siyani mpata wa zithunzi zina ziwiri, ndipo mutsitse mizere yopyapyala kuchokera pa A, C ndi B mpaka kumunsi kwa tsamba. Zithunzi zitatuzi ziyenera kusanjikizana molunjika. Mukazijambula pa masamba osiyana mudzataya chinthu chomwe chimapangitsa ntchitoyi kukhala yosavuta, chomwe ndi kuyang'ana chithunzi chapamwamba n'kudziwiratu mmene chapansi chikhalire.

Gawo lachiwiri: pezani zomwe mizati ikunyamula

Apa ndi pomwe pamafera anthu ambiri, osati pojambula. Tikufuna mariyakishoni awiri, `RA` ndi `RB`, omwe ndi mphamvu zomwe mizati ikukankhira m'mwamba.

Katundu womwazikana yense ndi 8 kuchulukitsa ndi 5, omwe ndi `40 kN`. Powerengera mariyakishoni, ndipo apa pokha, timaloledwa kumutenga ngati mtolo umodzi wokhala pakati pa malo omwe wamwazikanapo, mamita 2.5 kuchokera ku A. Imani pa A ndipo muwerengere momenti kuzungulira pamenepo. `RA` ikudutsa pomwe mwaimapo, mtunda wake ndi ziro, ndiye yachoka m'masamu. Zotsala ndi izi:

```
RB × 5 = (40 × 2.5) + (20 × 1) = 120
RB = 24 kN
```

Ambiri akafika apa amangochotsa 24 pa katundu yense, 60, n'kupeza 36. Yankho ndi lomwelo, koma ine ndimakana njira imeneyi, chifukwa ngati 24 uja anali wolakwa, 36 nayenso alakwa ndipo palibe chokuchenjezani. Pitani mukaime pa B muwerengerenso payokha:

```
RA × 5 = (40 × 2.5) + (20 × 4) = 180
RA = 36 kN
```

Tsopano ndiye muphatikize. 36 ndi 24 ndi 60, ndipo katundu ndi 40 ndi 20, omwenso ndi 60. Zagwirizana. Funsaninso nzeru za mutu chabe: thanki yayandikira A, kodi mzati wa A ndi umene wanyamula zambiri? Inde. Anthu awiri akanyamula thumba pa mtengo, amene thumba lamuyandikira ndiye amadandaula phewa.

Gawo lachitatu: chithunzi cha shiya

Lembani mzere wa ziro pansi pa bimu. Lamulo lomwe tigwiritse ntchito ndi lakuti tikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo pensulo ikutsatira mphamvu iliyonse yomwe yakumana nayo. Mphamvu yoloza m'mwamba ikweza pensulo, yoloza pansi iitsitsa. Pamwamba pa mzere ndi pulasi, pansi ndi mayinasi. Mabuku ena amatembenuza zimenezi, ndipo si mlandu, bola musasinthe lamulo muli pakati pa ulendo.

Pa A, riyakishoni ikukankha m'mwamba ndi 36. Kwezani pensulo molunjika kuchoka pa ziro kufika pa pulasi 36.

Kuchoka pa A kupita ku C, katundu womwazikana akudya 8 pa mita iliyonse. Sakudya nthawi imodzi, akubenthula pang'onopang'ono mofanana, choncho mzere wake ndi wowongoka wotsetsereka. Pofika pa C, patatha mita imodzi, tatsala ndi 28.

Pa C pali thanki. Katundu wa pamalo amodzi satsetsereka, amagwa ngati phompho. Tsitsani pensulo molunjika ndi 20, kuchoka pa 28 kufika pa 8. Ndiye kuti pa C pali manambala awiri a shiya, 28 kumanzere kwake ndi 8 kumanja kwake, ndipo onse awiri muwalembe.

Kuchoka pa C mpaka ku B kwatsala mamita 4, ndipo kutsetsereka ndi komwe kuja, 8 pa mita. Mzerewu uyenera kupendekeka chimodzimodzi ndi woyamba uja. Ngati pa pepala lanu wina watsetsereka kuposa unzake, sikelo yakuthawani. Mamita 4 adya 32, ndipo 8 kuchotsa 32 ndi mayinasi 24. Pa B riyakishoni ikukankha m'mwamba ndi 24, pensulo n'kubwerera ndendende pa ziro. Chithunzi chatsekeka.

Musathamangire kutsogolo. Penapake pakati pa C ndi B mzerewo wadutsa pa ziro, kuchoka ku pulasi kupita ku mayinasi, ndipo malo amenewo ndiwo ofunika kuposa ena onse pa tsambali. Kumanja kwa C tinali ndi 8, ndipo tikutaya 8 pa mita, choncho atha pakatha mita imodzi. Mita imodzi kuchokera pa C ndi mamita 2 kuchokera ku A. Pamalopo patcheni D, ndipo mutsitsepo mzere wina wopyapyala. Manambala sadzakhala osalala chonchi nthawi zonse, koma njira ndi yomweyo: shiya yotsala muigawe ndi `w`, ndipo mupeza mtunda. Osayeza ndi rula pa chithunzi, werengerani.

Gawo lachinayi: chithunzi cha momenti

Pali njira ziwiri, ndipo ndi bwino kudziwa zonse kuti ina izitsimikizira inzake.

Njira yoyamba ndi yodula. Sankhani malo, phimbani ndi dzanja mbali yonse yakumanja, muwerengere momenti ya zomwe zatsala kumanzere kuzungulira podulapo. Zomwe zikupinda bimu kuti ikhale ngati mbale, mimba pansi, ndi pulasi. Tiyeni tidule pa D, mamita 2 kuchokera ku A. Riyakishoni ya 36 ili pa mtunda wa mamita 2, ikupereka 72. Katundu womwazikana amene ali kumanzere kwa podula ndi wa mamita 2 okha, `16 kN`, ndipo pakati pake ndi mita imodzi kuchokera podulapo, akuchotsa 16. Thanki ili mita imodzi kuchokera pa D, ikuchotsa 20.

```
M(D) = (36 × 2) − (8 × 2 × 1) − (20 × 1) = 36 kNm
```

Taonani kuti mtolo wa 40 uja sitinautchulenso. Unali wa mariyakishoni basi. Mukaubweretsa kuno n'kuujambula ngati katundu wa pamalo amodzi pakati pa bimu, mupeza chithunzi chosongoka ngati denga m'malo mwa chokhota, ndi momenti yokulirapo kwambiri kuposa yeniyeni.

Njira yachiwiri ndi yomwe ine ndimaikonda, chifukwa imagwiritsa ntchito chithunzi chomwe mwajambula kale. Momenti imasintha, kuchoka pa malo ena kufika pa ena, ndi kukula kwa malo omwe ali pakati pa mzere wa shiya ndi mzere wa ziro, chomwe kusukulu tinkachitcha eriya. Eriya ya pamwamba imawonjezera momenti, ya pansi imachotsa.

Yambani pa A ndi ziro. Kuchoka pa A kufika pa C, shiya yatsika kuchoka pa 36 kufika pa 28 mu mita imodzi. Pakatikati pa manambala awiriwa ndi 32, kuchulukitsa ndi mita imodzi, ndiye momenti pa C ndi `32 kNm`. Kuchoka pa C kufika pa D pali kachidutswa ka makona atatu, kokwera 8, kotalika mita imodzi, eriya yake ndi 4. Tikawonjezera pa 32 tapeza 36, monga mwa njira yodula ija. Kuchoka pa D kufika pa B pali chidutswa china cha makona atatu, koma chili pansi pa mzere, chotalika mamita 3, chakuya 24. Theka la 3 kuchulukitsa ndi 24 ndi 36. Tikachotsa pa 36 tatsala ndi ziro pa B, monga tinanenera poyamba paja kuti pa sapoti momenti ikhale ziro.

Apa mwaona nokha chifukwa chomwe momenti imafikira pachimake pomwe shiya yadutsa pa ziro. Malinga shiya ili pamwamba pa mzere, phazi lililonse lomwe mukuponda likuwonjezera kanthu pa momenti. Ikangolowa pansi, phazi lililonse likuchotsa. Pamwamba pa phiri ndi pomwe kukwera kwathera, kutsika kusanayambe.

Kuti mujambule bwino, pezani manambala a malo angapo:

```
x (m)     0    0.5    1    2    2.5    3    4    5
M (kNm)   0    17    32   36   35    32   20    0
```

Polumikiza madonthowa rula muiike pambali. Paliponse pomwe shiya ndi mzere wotsetsereka, momenti ndi mzere wokhota ngati uta, parabola, msana wake uli m'mwamba. Kukanakhala kuti pa chigawo china palibe katundu womwazikana, shiya ikanakhala yopingasa ndipo momenti ikanakhala mzere wowongoka. Kukula kwa shiya pamalo paliponse ndiko kumakuuzani mmene momenti ikukwerera. Pafupi ndi A, pomwe shiya ndi 36, momenti ikukwera ngati njira ya m'phiri la Dedza. Pa D, pomwe shiya ndi ziro, mzere uli chigonere. Pa C pali kachigongono: momenti sidumpha ayi, ndi 32 mbali zonse ziwiri, koma imafika ikukwera ndi 28 n'kuchoka ikukwera ndi 8 yekha. Chithunzi chosalala pa C ndi cholakwa, ndipo chodumpha pa C ndi cholakwanso.

Mmene mungadziwire kuti mwalakwitsa

Mnyamata wina wochokera ku koleji ya zaumisiri, amene anabwera kudzaphunzira ntchito kwa ife, anandibweretsera bimu yofanana ndi iyi ali wokondwa kuti shiya yake yatsekeka. Anali atasinthanitsa mariyakishoni, 24 pa A ndi 36 pa B. Tayesani nokha. Kuyambira pa 24, kutsika kufika pa 16, kugwa ndi 20 kufika pa mayinasi 4, kutsetsereka mpaka mayinasi 36, kenako kukwera ndi 36 kufika pa ziro. Chatsekekadi, ndipo n'chabodza.

Kutsekeka kwa shiya kumangotsimikiza kuti mphamvu zokwera ndi zotsika n'zofanana. Sikunena kanthu za mmene mwazigawira pa mizati iwiri. Chomwe chimagwira wakubayu ndi chithunzi cha momenti. Pa pepala la mnyamatayo eriya ya pamwamba inali 20, ya pansi 80, ndiye momenti pa B inkatuluka mayinasi 60 pamalo pomwe payenera kukhala ziro. Iye anali atangokhotetsa mzere ndi dzanja kuti ukafike pa ziro, poganiza kuti pensulo ndi imene yaphonya. Ndinamuuza kuti, "Iwe, mzerewo ukakana kutsekeka usaukakamize, ukukuuza zoona." Choncho mukapeza kuti momenti sikubwerera pa ziro, musafufute chithunzi cha momenti. Bwererani ku gawo lachiwiri, vuto kawirikawiri limakhala kumeneko.

Cholakwika china n'cha anthu oloweza mafomula. Aliyense amadziwa `wL²/8` ya katundu womwazikana, yomwe pa bimu yathu ndi 25, ndi `Pab/L` ya katundu wa pamalo amodzi, yomwe ndi 20 kuchulukitsa ndi 1 ndi 4 kugawa ndi 5, kutuluka 16. Amaphatikiza n'kunena kuti momenti yaikulu ndi 41. Mafomula onse awiri ndi oona, koma 25 ali pakati pa bimu pomwe 16 ali pa C, ndipo zinthu za malo osiyana siziphatikizidwa. Kuphatikiza n'kololedwa mukatenga zonse pamalo amodzi. Pakati pa bimu, thanki ikupereka 10, kuphatikiza 25 ndi 35, zomwe zikugwirizana ndi manambala athu aja. Ena amafika potenga `PL/4`, yomwe ndi ya katundu wokhala pakati penipeni, n'kupeza 25, ndipo akaphatikiza ndi 25 uja afika pa 50. Wina anganene kuti kuchulutsa si vuto, bimu ingolimba. Mwina, koma zitsulo n'zodula, ndipo munthu amene sadziwa kuti walakwira mbali iti, tsiku lina adzalakwira mbali yoopsa.

Thanki ikasuntha

Tili pomwepo, achimwene aja anati mwina thanki ikhale cham'kati pang'ono kuti paipi ifupike. Kwa iwo kunali kusuntha mita imodzi chabe. Tiyeni tione pa pepala. Katundu wa 20 akhale mamita 2 kuchokera ku A.

```
RB = (100 + 40) / 5 = 28 kN
RA = (100 + 60) / 5 = 32 kN
```

Shiya iyambira pa 32, itsika ndi 16 m'mamita awiri kufika pa 16, kenako igwa ndi 20 kufika pa mayinasi 4. Ulendo uno yadutsa pa ziro ili mkati mogwa, pa thanki penipeni. Palibenso chogawa ndi `w`, momenti yaikulu ili pansi pa katunduyo. Eriya yake ndi pakatikati pa 32 ndi 16, omwe ndi 24, kuchulukitsa ndi mamita 2, kutuluka `48 kNm`. Chithunzi cha momenti chikhala ndi nsonga pachimake pake m'malo mozungulira bwino.

Katundu ndi yemweyo, bimu ndi yomweyo, koma momenti yakwera kuchoka pa 36 kufika pa 48, ndipo shiya yaikulu yatsika kuchoka pa 36 kufika pa 32. Kukankhira katundu pakati kumakulitsa momenti, kumuyandikizitsa ku mzati kumakulitsa shiya pa mzatiwo. Achimwene ataona manambalawo anati paipi italike basi.

Zomwe amisiri ayenera kuona pa zithunzizi

Tibwerere kwa bambo aja opinda maring'i. Bimu ikapindikira pansi, kumwamba kwake kumafinyika ndipo kunsi kumakokeka. Konkire imapirira kufinyidwa koma kukokedwa siichedwa kung'aluka, n'chifukwa chake zitsulo zikuluzikulu zazitali zimagona kunsi. Chithunzi cha momenti ndicho chimanena kuchuluka kwa zitsulo zimenezo ndi pomwe zikuvutikira kwambiri. Pa bimu yathu momenti ili 32 kapena kuposa kuyambira pa mita 1 mpaka pa mamita 3. Kumeneko si malo olumikizirapo zitsulo zakunsi ngati zafupika. Ndaonapo pa malo ena omanga zitsulo zonse zakunsi zitalumikizidwira pamodzi pakati pa khomo, chifukwa ndi pomwe zidutswa zinathera.

Maring'i ndi a shiya. Yang'anani chithunzi cha shiya: shiya ndi yaikulu pafupi ndi mizati, makamaka pakati pa A ndi C pomwe ili pakati pa 36 ndi 28, ndipo pa D palibe. Ndiye maring'i athinane kumapeto, ndipo chapakati atha kutalikirana, ngakhale kuti malamulo a kapangidwe salola kuti atalikirane mopitirira kapena kusowa kumene. Ndinawajambulira bambowo zimenezi pa pepala la thumba la simenti. Anayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye ming'alu yopendekeka ija ndimaiona pafupi ndi mizati ndi imeneyi?" Ndi imeneyodi. Ming'alu ya momenti imayambira kunsi kwa bimu chapakati n'kukwera choimirira, ndipo nthawi zambiri bimu imayamba yagwada kaye anthu n'kuona. Ya shiya imapendekeka pafupifupi madigiri 45 pafupi ndi sapoti, ndipo bimu yoperewera maring'i imatha kugwa nayo mosachenjeza.

Manambala omwe tapezawa, 36 wa shiya ndi 36 wa momenti, sindiwo opita nawo molunjika kukasankha zitsulo. Katundu tamutenga monga alili. Injiniya popanga bimu amayamba wamuchulukitsa kuti pakhale chitetezo, mwachitsanzo mu BS 8110, buku la malamulo a ku Britain a kapangidwe ka konkire ya zitsulo, katundu wokhazikika amachulukitsidwa ndi 1.4 ndipo wobwera n'kuchoka ndi 1.6, kenako n'kujambula zithunzi zomwezi ndi manambala atsopanowo. Njira yojambulira sisintha.

Chomwe chimasintha zonse ndi masapoti. Achimwene anafunsanso ngati bimu yomweyi ingapitirire kubzola mzati wa B kuti inyamule denga la khonde. Ikatero siilinso bimu yomwe tawerengerayi. Pamwamba pa mzati wa B ipindikira m'mwamba ngati msana wa ng'ombe, momenti pamenepo ikhala ya mayinasi osati ziro, kukokeka kusamukira kumwamba, ndipo zitsulo zikuluzikulu ziyenera kutsatira kumeneko. N'chimodzimodzi mukaika mzati wachitatu pakati pa khomo, ndipo pamenepo masamu awiri aja a gawo lachiwiri sakwananso kupeza mariyakishoni atatu. Tinagwirizana kuti khonde likhale ndi mizati yakeyake, ndipo amisiri anabwerera pa mthunzi kukawonjezera maring'i a mbali ya ku A.